Nyongolotsi ya Sitirongiloyidesi ndi Mankhwala a Siteroyidi: Mafunso ndi Mayankho

Kodi Sitirongiloyidesi n'chiyani, ndipo imalowa bwanji m'thupi?

Sitirongiloyidesi ndi nyongolotsi yaing'ono kwambiri yokhala m'matumbo a munthu. Pa pepala la zotsatira za ku labotale dzina lake limalembedwa kuti *Strongyloides stercoralis*. Yaikazi ikakula imatalika mamilimita 2 kapena 3 okha, ndipo siyandama m'matumbo monga zimachitira njoka za m'mimba zikuluzikulu zimene anthu amaziona m'chimbudzi cha mwana. Iyo imadzikwirira m'khoma la chigawo choyamba cha matumbo aang'ono, pafupi ndi chifu, ndipo palibe amene angaione ndi maso. Inadziwika koyamba mu 1876, pamene dokotala wa asilikali a panyanja a ku France, Louis Normand, anaipeza mumzinda wa Toulon m'chimbudzi cha asilikali otsegula m'mimba amene anachokera kudera limene lero ndi kummwera kwa Vietnam.

Munthu amaitenga kudothi. Pamene wina amene ali nayo wachita chimbudzi patchire, mphutsi zake zimakhala m'dothi lonyowa ndi lofunda mpaka zitafika msinkhu woboola khungu. Mphutsi yotere imatalika pafupifupi theka la milimita. Ikakhudza phazi kapena dzanja imaboola khungu ngakhale palibe bala, n'kulowa m'mitsempha ya magazi. Zambiri zimafika kumapapo, kukwera njira ya mpweya mpaka kukhosi, n'kumezedwa pamodzi ndi malovu. Pakatha masabata atatu kapena anayi zimakhala zakhwima m'matumbo ndipo zayamba kuikira mazira.

Zofunika kuti zimenezi zichitike n'zodziwika kwa aliyense wolima m'maboma a Tsangano ndi Macanga ku Mozambique: dimba la m'dambo limene silisowa chinyezi, nazale ya fodya yothiriridwa m'mawa ndi madzulo, munda wa mbatatesi wolimidwa opanda nsapato, ndi mudzi umene si khomo lililonse lili ndi chimbudzi. Kuzizira kwa kumapiri kumachedwetsa mphutsi m'dothi, koma sikuteteza munthu amene anakagwirako ntchito ku Moatize, m'chigwa cha Zambezi kapena ku Beira. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2017, wochitika pakati pa anthu a m'dera lothithikana la Inhamudima mumzinda wa Beira, anapeza nyongolotsiyi mwa anthu 48 pa 100 alionse. Padziko lonse bungwe la WHO limati anthu amene ali nayo ali pakati pa 300 miliyoni ndi 600 miliyoni.

Nanga imasiyana bwanji ndi nyongolotsi zina za m'mimba?

Kusiyana kwake n'kumodzi, koma zonse za m'nkhaniyi zikuchokera pamenepo. Nyongolotsi zina zambiri za m'matumbo sizingachulukane mkati mwa munthu. Njoka yaikulu ya m'mimba imaikira mazira pafupifupi 200,000 patsiku, koma dzira lililonse liyenera kutuluka ndi chimbudzi n'kukakhwima m'dothi lisanalowe mwa munthu. Amene wameza mazira khumi adzakhala ndi njoka zosapitirira khumi, ndipo akapanda kumezanso ena, njokazo zimakalamba n'kufa pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri.

Sitirongiloyidesi siitero. Yaikazi siisowa yaimuna kuti iikire mazira oswa, ndipo mazirawo amaswa ali m'khoma la matumbo momwemo. Choncho zimene zimatsika ndi chimbudzi si mazira koma mphutsi zamoyo. Zambiri zimatuluka zikadali zazing'ono, zosatha kuboola chilichonse. Koma zochepa zimafundula mofulumira zili m'njira, n'kufika msinkhu woboola zisanatuluke. Zimenezi zimaboola khoma la matumbo aakulu, kapena khungu lozungulira kotulukira chimbudzi, n'kuyambanso ulendo uja wa kumapapo, kukhosi ndi kumatumbo. Munthuyo wadzipatsira yekha nyongolotsi osapondanso dothi. Ulendo umodzi wotere umatenga pafupifupi masabata awiri, ndipo chiwerengero chimenechi chimalamulira kutalika kwa chithandizo cha wodwala kwambiri.

Kodi kudzipatsira kumeneku kumatha pakapita nthawi?

Sikutha kokha. Umboni wodziwika bwino unachokera kwa asilikali a ku Britain amene anagwidwa ukapolo ndi asilikali a ku Japan pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ambiri n'kugwiritsidwa ntchito yomanga njanji ya pakati pa Burma ndi Thailand mu 1942 ndi 1943. Atabwerera kwawo, kumene nyongolotsiyi sifala m'dothi, madokotala a pa sukulu ya matenda a m'maiko otentha ya ku Liverpool anapitiriza kuipeza mwa ena mwa iwo patapita zaka zoposa 30. Mabuku a zachipatala amanenanso za munthu amene anaisunga zaka zoposa 60.

Tanthauzo lake kwa wogwira ntchito m'chipatala ndi lakuti funso lofunsa wodwala si lakuti akukhala kuti lero, koma lakuti anakhalapo kuti ndi kugwira ntchito yanji moyo wake wonse. Mphunzitsi amene wavala nsapato zaka 30 ku Furancungo angakhale akusungabe nyongolotsi imene anaitenga ali mnyamata woweta ng'ombe m'dambo.

Ngati nyongolotsi imaberekana m'thupi, bwanji siichuluka mwa aliyense?

Chifukwa thupi limaipanikiza, ngakhale silitha kuimaliza. Yaikazi imaikira mazira ochepa, osapitirira makumi angapo patsiku, ndipo mphutsi zambiri zimatayidwa ndi chimbudzi. Zochepa zimene zimaboola matumbo zimakumana ndi mbali ya chitetezo cha m'thupi yolimbana ndi nyongolotsi. Patsogolo pa nkhondoyi pali maselo oyera a magazi otchedwa maiyosinofilo, amene amamatirira mphutsi n'kuithira mankhwala oiwononga. Maselo ena okhala m'khoma la matumbo amachulukitsa ntchofu ndi kufulumizitsa kuyenda kwa matumbo, kuti mphutsi zituluke zisanapeze mpata wofundula. Zotsatira zake n'zakuti zobadwa zimangolowa m'malo mwa zofa, ndipo chiwerengero chimakhala pamodzimodzi zaka ndi zaka.

Anthu ambiri otere samva kanthu. Ena amamva kutentha pamwamba pa mimba kofanana ndi kwa zilonda za m'mimba, kutsegula m'mimba kobwera ndi kupita, kapena kachifuwa kouma. Pali chizindikiro chimodzi chimene chikapezeka sichisokoneza: kamzere kotupa, kokhotakhota, koyabwa ngati chitedze, kotuluka m'matako, m'ntchafu kapena pamimba. Kamzereko kamasuntha masentimita 5 mpaka 10 pa ola limodzi, kamazimirira pakatha maola kapena tsiku limodzi kapena awiri, kenako kamadzabweranso pakapita masabata. Imeneyo ndi mphutsi yodzipatsira ikuyenda pansi pa khungu. Poyeza magazi, nthawi zambiri maiyosinofilo amapezeka okwera, ndipo kwa anthu ambiri chimenechi ndicho chizindikiro chokhacho.

Masiteroyidi ndi mankhwala anji, ndipo amapatsidwa kwa yani?

Masiteroyidi a m'nkhaniyi ndi mankhwala otsanzira kotizolo, homoni yopangidwa ndi tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso. Ntchito yawo ndi kuzimitsa kutupa ndi kufooketsa chitetezo chimene chapyola malire. Odziwika kwambiri ndi puledinisoloni, dekisametazoni ndi haidirokotizoni. Pa mabokosi a m'zipatala za ku Mozambique mainawa amalembedwa kuti *Prednisolona*, *Dexametasona* ndi *Hidrocortisona*.

Mankhwalawa amapulumutsa miyoyo, ndipo zimenezi siziyenera kuiwalika. Amapatsidwa kwa wamphumu amene wabanika, kwa wodwala TB ya muubongo kwa masabata 6 mpaka 8, kwa munthu wa HIV amene chibayo chamulepheretsa kupuma, kwa wakhate amene mitsempha yake yatupa, amene amamwa kwa miyezi itatu kapena kuposa, kwa mwana wotupa chifukwa cha impso, ndi kwa odwala khansa zina za m'magazi. Mu June 2020 kafukufuku wa RECOVERY ku Britain anasonyeza kuti mamiligalamu 6 a dekisametazoni patsiku kwa masiku 10 amachepetsa imfa mwa odwala COVID-19 osowa mpweya wa okosijeni, ndipo mankhwalawa anayamba kuperekedwa kwa anthu ochuluka padziko lonse. Mu December chaka chomwecho WHO inatulutsa chenjezo lapadera lonena za Sitirongiloyidesi mwa odwala amenewa. Kunja kwa chipatala kuli njira ina yodetsa nkhawa kwambiri: mapiritsi ogulidwa m'misika ndi m'timagolosale, omwedwa popanda woyang'anira ndi anthu omva kuphwanya kwa mafupa kapena ofuna kunenepa.

N'chifukwa chiyani siteroyidi imachititsa nyongolotsiyi kusefukira m'thupi?

Chifukwa choyamba n'chakuti mbali ya chitetezo imene siteroyidi imafooketsa msanga ndi yomweyo imene inkapanikiza nyongolotsi. Maiyosinofilo amatsika m'magazi pakangotha maola ochepa munthu atamwa mankhwalawa, ena amafa, ndipo uthenga woitana atsopano kuchokera m'mafupa umazimitsidwa. Maselo a m'khoma la matumbo nawo amachepa mphamvu. Mphutsi zimene kale zikanafera m'njira zimafika kumapapo zamoyo, n'kubwerera kumatumbo kukakhala zazikazi zoikira mazira.

Koma chifukwa chimenechi pachokha sichifotokoza zonse. Munthu wa HIV amene chitetezo chake chatsika kwambiri sagwidwa kawirikawiri ndi kusefukira kumeneku, pokhapokha atapatsidwanso siteroyidi. Mu 1992 dokotala Robert Genta anapereka ganizo lakuti siteroyidi, kapena zimene thupi limaisandutsa, zimagwiranso ntchito pa nyongolotsi yeniyeniyo, chifukwa zimafanana kapangidwe ndi mahomoni amene amauza mphutsi kuti ifundule. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2018 anasonyeza kuti nkhaniyi si ya chitetezo chokha. Mbewa za mu labotale zobadwa zopanda mbali yaikulu ya chitetezo zinapatsidwa nyongolotsiyi, koma siinasefukire mpaka mbewazo zitabayidwa siteroyidi. Choncho mankhwalawa amachotsa chotchinga, komanso amachulukitsa mphutsi zofika msinkhu woboola zikadali m'matumbo.

Zikafika apa, zotsala ndi masamu. Mwa munthu wabwinobwino yaikazi iliyonse imasiya yolowa m'malo mwake imodzi. Mwachitsanzo chabe, ngati pa ulendo uliwonse wa masabata awiri yaikazi iliyonse itasiya khumi, nyongolotsi 100 zikhala 1,000 pakatha masabata awiri, 10,000 pakatha anayi, ndi 100,000 pakatha sikisi. N'chifukwa chake wodwala amaoneka bwino m'masiku oyamba a siteroyidi, n'kudzagwa mwadzidzidzi m'sabata yachiwiri kapena yachitatu, nthawi zina atasiya kale kumwa.

Palibe mlingo wa siteroyidi umene unganenedwe kuti ndi wopanda chiopsezo. Chiopsezo chimakula ndi kuchuluka kwa mankhwala ndi kutalika kwa nthawi, koma pali odwala olembedwa m'mabuku amene anasefukiridwa atamwa kwa sabata imodzi kapena ziwiri zokha, ndi ena atabayidwa jakisoni wa siteroyidi pamalo amodzi. Ndi bwinonso kukumbukira kuti mamiligalamu 6 a dekisametazoni ali ndi mphamvu yofanana ndi mamiligalamu 40 a puledinisoloni, kotero kuchepa kwa nambala ya pa bokosi sikutanthauza kuchepa kwa mphamvu. Zina zowonjezera chiopsezo ndi vairasi ya HTLV-1, imene imafooketsa mbali yomweyo ya chitetezo, uchidakwa wa nthawi yaitali, ndi kunyentchera.

Chimapha wodwalayo n'chiyani kwenikweni?

Zinthu zitatu zimachitika nthawi imodzi. M'matumbo, nyongolotsi zikwizikwi zimatupitsa ndi kuchekacheka khoma. Wodwala amasanza, amatsegula m'mimba, nthawi zina za magazi, ndipo matumbo akafika polephera kuyenda mimba imafufuma n'kusiya kutulutsa ngakhale mpweya. M'mapapo, mphutsi iliyonse imang'amba kamtsempha ka magazi polowa m'timatumba ta mpweya. Zikakhala zochepa sizisiya chizindikiro, koma zikakhala zikwi mapapo amadzaza magazi ndi madzi, ndipo wodwala amabanika, chifuwa chimalira, makhololo amatuluka ndi magazi.

Chachitatu ndicho chimapha ambiri. Mphutsi yoboola matumbo aakulu imachoka m'chimbudzi, ndipo imanyamula mabakiteriya a m'matumbo pathupi pake ndi m'mimba mwake. Mabowo amene imasiya amakhalanso makomo olowera mabakiteriya ena. Mabakiteriyawa akafika m'magazi amayambitsa kutentha thupi kwambiri ndi kutsika kwa kuthamanga kwa magazi, ndipo akafika kuubongo amayambitsa matenda oumitsa khosi. Mankhwala opha mabakiteriya amathandiza masiku angapo, koma matendawo amabwerera chifukwa mphutsi zikupitiriza kututa ena. Munthu wamkulu amene sanachitidwe opaleshoni ya mutu koma wapezeka ndi mabakiteriya a m'matumbo m'madzi a mumsana ayenera kuganiziridwa za nyongolotsiyi tsiku lomwelo.

Nthawi zina mphutsi zimapyola njira yake yachizolowezi n'kufika kuchiwindi, kuimpso, kuubongo ndi kukhungu. Pakhungu zimasiya timadontho ta magazi ambirimbiri kuzungulira mchombo ndi m'ntchafu, timene pa khungu lakuda timaoneka ngati madontho oderapo ndipo timafuna kuwala kokwanira kuti tioneke. Popanda mankhwala pafupifupi onse ofika pamenepa amamwalira, ndipo pakati pa odwala olembedwa m'mabuku a zachipatala, kuphatikizapo amene analandira chithandizo, oposa theka anamwalira.

Kodi zimenezi zimayenda bwanji mwa wodwala mmodzi?

Chitsanzo chotsatirachi n'chopeka, choikidwa kuti ndondomeko ioneke. Bambo wa zaka 55, wolemera makilogalamu 60, amalima mbatatesi ndi ndiwo zamasamba m'dimba cha ku Ntengo-wa-Mbalame. Kwa zaka zingapo wakhala akumva kutentha m'mimba ndi kuyabwa kwa m'matako kobwera ndi kupita. M'nyengo yozizira wayamba kutsokomola ndipo chifuwa chikulira. Kuchipatala chaching'ono akumuyesa wamphumu n'kumupatsa mamiligalamu 40 a puledinisoloni patsiku kwa masiku asanu. Akupeza bwino ndithu, chifukwa siteroyidi imazimitsa kutupa mosasankha chimene chakuyambitsa.

Patatha masiku khumi kubanika kukubwerera, kokulirapo. Poona kuti mapiritsi aja anamuthandiza, akugula ena pamsika n'kumwa masabata ena awiri. Apa ndi pamene pali msampha wa matendawa. Kulira kwa chifuwa kukuchokera kwa mphutsi zodutsa m'mapapo, ndipo mankhwala amene akumwa kuti chifuwa chileke ndi omwe akuchulukitsa mphutsizo. Mphumu imene ikukula pamene siteroyidi ikuwonjezeredwa, makamaka mwa munthu amene sanadwalepo mphumu ali wamng'ono, iyenera kukayikiridwa kuti si mphumu.

M'sabata yachinayi akusanza, mimba yafufuma, thupi latentha kufika madigiri 39, ndipo makhololo ali ndi timizere ta magazi. Kuyeza malungo sikukupeza kanthu, TB sikupezeka m'makhololo, ndipo chithunzi cha m'chifuwa chikusonyeza mapapo onse awiri achita mbuu. Maiyosinofilo ali pansi. Wina angaganize kuti zimenezi zikuchotsa nyongolotsi pa mndandanda wa zokayikira, koma si choncho: siteroyidi ndi mabakiteriya a m'magazi ndi zimene zawatsitsa, ndipo kusowa kwawo ndi chizindikiro chakuti zinthu zaipa.

Chimene chingamupulumutse n'chotchipa. Dontho la makhololo atsopano likasakanizidwa ndi dontho la madzi a mchere a m'diripi pa kagalasi, n'kuyang'anidwa pa maikulosikopu ndi diso lokuza pang'ono, mphutsi zimaoneka zikuphiriphitha. Ntchitoyi imatenga mphindi zochepa, ndipo labotale iliyonse yokhala ndi maikulosikopu ingaichite, bola wina aipemphe. Mphutsi za msinkhu woboola zikapezeka m'makhololo mochuluka chonchi, matenda adziwika.

Chithandizo chake chili ndi mbali zinayi. Yoyamba ndi aivamekitini, wolembedwa *Ivermectina* pa bokosi, pa mlingo wa mamaikulogalamu 200 pa kilogalamu iliyonse. Kwa bamboyu ndi mamiligalamu 12, kutanthauza mapiritsi anayi a mamiligalamu 3, tsiku lililonse. Samusiyitsa akangoyamba kupeza bwino. Amapitiriza mpaka chimbudzi ndi makhololo zitakhala zopanda mphutsi kwa masabata awiri athunthu, kuti mphutsi zimene zinali pa ulendo m'thupi zithere pomwepo. Yachiwiri ndi mankhwala a jakisoni opha mabakiteriya a m'matumbo, oyambidwa nthawi yomweyo osadikira zotsatira. Yachitatu ndi kuchepetsa siteroyidi mofulumira momwe kungathekere. Munthu amene wamwa pafupifupi masabata atatu kapena kuposa sasiyitsidwa mwadzidzidzi, chifukwa tiziwalo take topanga kotizolo timakhala tagona, ndipo kusiya kamodzin'kamodzi kungagwetse kuthamanga kwa magazi. Yachinayi ndi okosijeni, madzi a m'diripi ndi kumutumiza msanga kuchipatala chokhala ndi zipangizo, monga cha ku Ulónguè kapena chachikulu cha mumzinda wa Tete.

Vuto lalikulu limabwera pamene matumbo aima, chifukwa piritsi lomwedwa silingalowe m'magazi. Madokotala amayesa kupereka mankhwalawo kudzera pa chubu cha m'mphuno kapena kotulukira chimbudzi, ndipo m'zipatala zina, pofuna kupulumutsa moyo, agwiritsapo ntchito aivamekitini wa jakisoni wopangidwira ziweto, wobayidwa pansi pa khungu. Chimenecho ndi chiganizo cha dokotala amene akuyang'anira wodwala usana ndi usiku. M'dera loweta ng'ombe ngati la Tsangano ndi Angónia botolo la mankhwala a ziweto limapezeka m'makomo ambiri, ndipo kudzibaya nalo kapena kumwa kungaledzeretse ubongo mpaka munthu kukomoka. Womudikirira wodwala nayenso ayenera kuvala magulovesi pogwira chimbudzi, masanzi ndi nsalu zonyowa, chifukwa mphutsi zotuluka mwa wodwala wotere zafika kale msinkhu woboola khungu.

Bwanji osangoyeza chimbudzi cha aliyense asanapatsidwe siteroyidi?

Kuyeza kumathandiza kukapeza kanthu, koma kukapanda kupeza sikutsimikizira kuti nyongolotsi mulibe. Mwa munthu amene sanasefukiridwe mphutsi zimatuluka zochepa, ndiponso si tsiku lililonse. Kuyang'ana kachimbudzi kamodzi pa kagalasi kumapeza osafika gawo limodzi mwa magawo atatu a anthu amene ali nayo. Njira ya Kato-Katz, yogwiritsidwa ntchito powerenga mazira a nyongolotsi mwa ana a sukulu, inapangidwira mazira ndipo mphutsi siizionetsa. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene nyongolotsiyi yakhala ikusowa m'malipoti a zaumoyo kwa zaka zambiri.

Pali njira zabwinopo. Pa njira ya Baermann, chimbudzi chochulukirapo chimaikidwa pa nsalu ya goze pamwamba pa fanelo yodzaza madzi ofunda, ndipo pakatha maola angapo mphutsi zimakhala zatuluka zokha n'kumira pansi. Pa njira ina chimbudzi chimaikidwa m'kambale ka chakudya cha mabakiteriya kwa masiku awiri kapena kuposa, ndipo mphutsi zimasiya timizere ta mabakiteriya m'mene zadutsa. Njira zonse ziwiri zimafuna chimbudzi chatsopano chosaikidwa mufiriji, chifukwa kuzizira kumafoola mphutsi. Kuyeza magazi kofufuza asilikali a m'thupi olimbana ndi nyongolotsiyi kumapeza ambiri, koma kumafuna labotale yaikulu ndipo kumafooka mwa munthu amene chitetezo chake chatsika kale. Wodwala TB ya muubongo sangadikire zonsezi.

Nanga choyenera kuchita n'chiyani siteroyidi ikakhala yosapeweka?

Siteroyidi yofunika pa moyo siichedwetsedwa. Chimene akatswiri ambiri amalangiza kwa munthu amene anakhalapo kumalo kumene nyongolotsiyi imafala ndi kumupatsa aivamekitini osadikira umboni, asanayambe siteroyidi kapena tsiku lomwe akuyamba. Mlingo ndi womwe uja, mamaikulogalamu 200 pa kilogalamu, kwa tsiku limodzi kapena awiri. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2019 anapeza kuti mwa anthu a chitetezo chabwino kumwa kamodzi kumachiza pafupifupi 86 pa 100 alionse, mofanana ndi kumwa kangapo. Kwa amene chitetezo chake chatsika kapena amene adzamwa siteroyidi miyezi ingapo, monga wakhate, madokotala ambiri amabwereza pakatha masabata awiri. Mapiritsi anayi kwa munthu wa makilogalamu 60 ndi mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi matenda amene amapha oposa theka la owadwala, ndipo ndi zomvetsa chisoni kuti munthu afe chifukwa chakuti mapiritsiwo sanali pa shelefu imodzi ndi puledinisoloni.

Mankhwalawa ali ndi malire ake. Sapatsidwa mwachizolowezi kwa mwana wosakwana makilogalamu 15 kapena kwa mayi woyembekezera, ndipo pamenepo dokotala amayerekeza chiopsezo ndi phindu. Munthu amene anakhalapo m'nkhalango za pakati pa Africa, monga ku Cameroon, Gabon kapena Congo, ayenera kuyezedwa kaye nyongolotsi ya m'magazi yotchedwa *Loa loa*, chifukwa ikakhala yochuluka aivamekitini angawononge ubongo. Aivamekitini akasowa, alubendazo wa mamiligalamu 400 kawiri patsiku kwa masiku 7 amaperekedwa, koma amachiza anthu ochepa poyerekeza.

Kodi mapiritsi a njoka za m'mimba operekedwa m'masukulu sathetsa vutoli?

Ayi. Piritsi limodzi la alubendazo kapena mebendazo limachepetsa bwino njoka zikuluzikulu, ndipo kwa nyongolotsi zosachulukana m'thupi kuchepetsa n'kokwanira. Sitirongiloyidesi siiphedwa mokwanira ndi mlingo umodziwo, ndipo yaikazi imodzi yotsala ingadzazenso matumbo. Aivamekitini wogawidwa m'midzi polimbana ndi matenda otupitsa miyendo m'maboma ambiri a ku Mozambique ndi ku Malawi, komanso polimbana ndi matenda a pakhungu ochititsa kusaona m'maboma monga Mwanza, Neno ndi Thyolo, wakhala akupha nyongolotsiyi mwa amene anamwa, ngakhale sichinali cholinga chake. Komabe kumwa zaka zapitazo sikuteteza munthu amene wabwerera m'dimba opanda nsapato, chifukwa thupi silipanga chitetezo chomuletsa kuitenganso.

Mu 2024 WHO inatulutsa malangizo oyamba okhudza nyongolotsiyi payokha. Malangizowo amati kumene ana a msinkhu wa sukulu 5 kapena kuposa pa 100 alionse apezeka nayo, anthu a zaka 5 kupita m'mwamba azipatsidwa aivamekitini kamodzi pachaka. Piritsi lophatikiza alubendazo ndi aivamekitini linayesedwanso ku Manhiça, kummwera kwa Mozambique, pamodzi ndi ku Kenya ndi ku Ethiopia. Pambali pa mankhwala ogawidwa kwa anthu ambiri, munthu amene wachira kusefukira amayezedwanso chimbudzi m'miyezi yotsatira, a m'banja lake amayezedwa kapena kupatsidwa mankhwala, ndipo m'buku lake la kuchipatala mumalembedwa kuti nthawi iliyonse imene adzafunikenso siteroyidi ayambe walandira aivamekitini.